Nyale ya sola yopita ku chikombole: SubD kapena NURBS?

*"Ndimakhala ku Kawale. Ndapanga thupi la nyale ya sola mu Blender pogwiritsa ntchito Subdivision Surface. Ili ndi chogwirira pamwamba, galasi lozungulira la mamilimita 60 kutsogolo, ndi batire la 18650 mkati. Pa pulinta ya 3D yatuluka bwino kwambiri. Tsopano osema chikombole cha pulasitiki akana STL yanga, akuti nditumize STEP. Kodi nditaye zonse n'kuyambiranso ndi NURBS, kapena ntchito yangayi ingapulumuke?"*

Musataye kanthu, achimwene. Khungu lakunja la nyaleyo, lomwe dzanja limagwira ndi diso kuona, lisiyeni mu SubD, ndiyo Subdivision Surface mwagwiritsa ntchito ija. Koma paliponse pamene chinthu china chiyenera kulowa kapena kukhala, monga pokhala galasi, pogona batire, mabowo a masikuluwu ndi mlomo wokumanirana zidutswa ziwiri za thupi, pamenepo pangani ndi NURBS, njira yojambulira khungu ndi masamu a mizere yopindika m'malo mwa tizidutswa, yomwe fayilo ya STEP imanyamula. Fayilo yomaliza idzakhala ya NURBS yonse, zimenezo sizipeweka. Chofunika kuganizira bwino ndi nthawi yosinthira kuchoka ku njira imodzi kupita ku inzake, komanso ngati ukonde wanu, timadontho ndi mizere yomwe mumakankha poumba thupi, uli waudongo mokwanira kuti usinthike osawonongeka.

Osemawo sakukuvutitsani dala. STL ndi mulu wa tizidutswa tafulati ta ngodya zitatu, basi. Tinene kuti ukonde wanu mu Blender uli ndi tizigawo 200 ta ngodya zinayi. Sitepe iliyonse ya Subdivision Surface imagawa kagawo kalikonse panayi, choncho pa sitepe yachitatu muli ndi tizigawo 12,800, ndipo mu STL timasanduka tizidutswa 25,600. Pulinta yanu ilibe nazo ntchito, chifukwa kamwa kake ndi ka mamilimita 0.4 ndipo mizere yake imabisa zonse. Wosema chikombole akufuna zina. Akufuna kudina pa bowo kuti pulogalamu imuuze dayamita ndi pakati pake, akufuna kukulitsa thupi lonse pang'ono poganizira kuti pulasitiki imafota ikamazizira, akufuna kudula mzere wolekanirana mbali ziwiri za chikombole ndi kuwonjezera kupendekeka pakhoma lomwe laima chilili. Pa mulu wa tizidutswa sangachite zimenezi mwaudongo. Ndipo chenjerani ndi njira yachidule yomwe ambiri amathamangira, yotsegula STL mu FreeCAD n'kuisunga ngati STEP. Fayilo imatuluka ndithu, koma mkati mwake muli tizidutswa 25,600 tomwe tija, kalikonse payekha, ndipo imalemera moti kompyuta imachita kukwawa. Adzaikananso.

Njira ziwirizi ndi zapachibale kuposa momwe anthu amaganizira. Masamu omwe Blender imagwiritsa ntchito anawafalitsa Edwin Catmull ndi Jim Clark mu 1978, ndipo anawapanga kuti paliponse pamene mizere inayi yakumana pa kadontho kamodzi, khungu lotulukapo likhale B-spline ya digiri 3. Imeneyi ndi mtundu umodzi wa NURBS. Ndiye kuti gawo lalikulu la nyale yanu ndi NURBS kale, kungoti Blender imakuonetsani ngati tizidutswa. N'chifukwa chake ndikuti ntchitoyo ipulumuka. Kusiyana kuli pawiri. NURBS imatha kujambula mkombero weniweni ndipo imalola kudula khungu ndi mzere uliwonse, koma chigamba chake chilichonse chimakhala ndi mbali zinayi, ndiye thupi lovuta mumachita kulisoka ndi zigamba zambiri. SubD ilibe misoko yoti muzilimbana nayo, mutha kutulutsa nthambi paliponse, koma siisunga muyezo ndipo ili ndi timalo tina pomwe kusalala kumachepa.

Tiyambe ndi muyezo, pa galasi lanu lija. Ikani timadontho 8 molingana pa mkombero wa dayamita 60, kenako yatsani Subdivision Surface. Bowo lotulukapo silikhala la 60. Khungu la SubD silidutsa pa timadontho tanu, limakokedwera mkati, ndipo pa timadontho 8 limafika pa 0.902 ya muyezo woyamba, kutanthauza dayamita ya mamilimita 54.1. Kuti mupeze 60, timadonthoto tiyenera kukhala pa dayamita ya 66.5. Mwina munaona kale zimenezi n'kumakulitsa pang'onopang'ono mpaka galasi linalowa. Komanso bowolo silozungulira kwenikweni. Ndi timadontho 4 tokha, rediyasi imasiyana ndi mamilimita oposa 0.8 pakati pa malo otalika ndi ofupika, ndipo galasi silingakhale. Ndi timadontho 6 kusiyanako kumatsika kufika cha m'ma 0.12, ndipo ndi 8 kumangotsala 0.035.

Wina anganene kuti 0.035 si kanthu, ndipo akunena zoona, chifukwa mpata womwe mungasiyire galasi ndi pafupifupi 0.1 mbali iliyonse. Vuto lili poti nambalayi imagwira pokhapokha timadontho tonse 8 tili molingana ndendende. Tsiku lomwe mudzakankhe tsaya la nyale kuti likongole, n'kusuntha kadontho kamodzi kapafupi, bowo lidzapotoka inu osadziwa. Kuwonjezera apo, ngakhale mutalisintha kukhala NURBS, bowolo lidzakhala mzere wopindika wopanda dzina, osati mkombero womwe makina angawerenge kuti dayamita yake ndi 60.2. Mu NURBS, pa pulogalamu ya Rhino, mumalemba `Circle`, kupereka pakati ndi dayamita, n'kudula. Osema akadzanena kuti likhale 60.3, mumajambula wina n'kudulanso m'mphindi zochepa, khungu lonse osalikhudza.

Tsopano chogwirira, komwe SubD imapambana kutali. Pamene chogwirira chikumera m'thupi la nyale, makungu atatu kapena anayi amakumana mopindika. Mu NURBS malo oterewa ndi omwe amadya masiku. Mumadula thupi, kupanga zigamba zolumikiza ndi `BlendSrf`, kulinganiza m'mphepete ndi `MatchSrf`, ndipo pamapeto pamatsala kabowo ka mbali zitatu kapena zisanu komwe chigamba cha mbali zinayi sichikwana bwino. Mukafuna kukweza chogwirira ndi mamilimita 8 chifukwa zala za munthu wamkulu sizikulowa, zigamba zonsezo mumazipanganso. Mu SubD mumasankha timadontho, kukweza, mwatha. Pa chinthu chomwe mukuchiyesabe m'manja mwa anthu, ufulu umenewu ndi waukulu, ndipo sindingakulangizeni kuutaya.

Koma ufuluwo uli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ndi nyenyezi. Nyenyezi ndi kadontho komwe pakumana mizere itatu, isanu kapena yoposa apo, m'malo mwa inayi. Simungazithetse zonse. Thupi lotsekeka lopanda bowo, lopangidwa ndi tizigawo ta ngodya zinayi tokhatokha, limafuna nyenyezi, ndipo bokosi wamba lili nazo 8 za mizere itatu, m'makona mwake. Mukalumikiza tizigawo tiwiri tapamwamba kuti mupange chogwirira, phazi lililonse la chogwiriracho limabala nyenyezi 4 za mizere isanu. Nyale yanu, itapangidwa mosamala chotani kuchokera ku bokosi, ili ndi nyenyezi 16. Mukawerenga n'kupeza 40 kapena 60, dziwani kuti ukondewo unakula mwa kungowonjezera apa ndi apo, ndipo ndi bwino kuluka wina watsopano pamwamba pa wakalewo musanapite patsogolo. Kagawo ka ngodya zitatu kapena zisanu nakonso kamabala nyenyezi pakati pake pa sitepe yoyamba, choncho muwerengereko.

Pa nyenyezi khungu siliduka ndipo silikhala ndi mpeni, koma kapindikidwe kake kamasokonezeka. Akatswiri amasiyanitsa milingo itatu. G0 ndi pamene makungu awiri angokhudzana, pali ngodya. G1 ndi pamene akumana molunjika mbali imodzi, chala sichimva kanthu. G2 ndi pamene ngakhale kukula kwa kupindika kukupitirira osalumpha. Kutali ndi nyenyezi SubD imakupatsani G2 yaulere, chinthu chomwe wa NURBS amachita kukhetsera thukuta pa msoko uliwonse. Pa nyenyezi penipeni imakupatsani G1 yokha, ndipo pozungulira pake pamakonda kukhala kakufinyika kapena kakulowa pang'ono.

Chala sichimva zimenezi, koma kuwala kumaziulula. Pitani pa Malangalanga mukagwire tochi kapena wailesi yapulasitiki yonyezimira, muitembenuze pang'onopang'ono pa dzuwa. Yang'anani mzere wa kuwala ukuyenda pakhungu. Pa chinthu chopangidwa bwino umayenda mowongoka ngati mmene ukuyendera dzanja lanu. Pa chopangidwa mothamanga umafika pena n'kukhota mwadzidzidzi, kapena kuzungulira kadontho kosaoneka. Pa kompyuta mayeso omwewa ndi mizere ya mbidzi, lamulo la `Zebra` mu Rhino, ndipo pulogalamu ya Fusion ilinso nayo. Mizere ikaduka osakumana pamsoko, ndi G0. Ikakumana koma n'kupanga kangodya, ndi G1. Ikadutsa bwinobwino, ndi G2. Pa nyenyezi mudzaona mizere ikupanikizana kapena kupanga kadiso. Muziyang'ana mukutembenuza chinthucho, chifukwa chilema china chimabisala mbali imodzi n'kuonekera ina. Mtundu wotuwa wosanyezimira womwe Blender imaonetsa poyamba umakongoletsa chilichonse, ndiye ngati mukadali momwemo, sankhani MatCap yonyezimira kapena yamizere.

Poti nyenyezi sizichoka, luso lake ndi kuzisamutsa. Malo abwino koposa ndi omwe mudzawadule. Kumaso kwa nyale musapange bowo la galasi mu SubD ayi. Tsekani nkhope yonse, ikhale khungu limodzi losalala, ndipo ngati pali nyenyezi zomwe mungazikankhire pakati pa nkhopeyo, zikankhireni mkati mwa dera la mamilimita 60 lija. Mukadzadula mkombero zidzapita ndi chidutswa chotayidwa. Malo achiwiri ndi afulati kapena obisika, monga pansi pa nyale ndi kunsi kwa chogwirira. Malo oipa ndi paphewa, pomwe khungu likupindika kwambiri ndipo kuwala kumagwera nthawi zonse. Nyenyezi zisagundane, pakati pawo pakhale tizigawo tiwiri kapena kuposa. Ndipo pewani nyenyezi ya mizere 8 kapena 12 yomwe imabwera mukatseka mutu wa silinda ndi tizidutswa tokumana pakati, chifukwa imeneyo imachita makwinya ooneka ngakhale pa pulasitiki yosanyezimira.

Apa mufunse osema funso limodzi msanga: khungu la chikombole lidzakhala lopukutidwa ngati kalilole, kapena lokhakhala pang'ono? Likakhala lokhakhala, nyenyezi zoikidwa bwino sizioneka, ndipo SubD yakukwanirani. Likakhala lonyezimira, makamaka lakuda, diso limaona chilichonse, ndipo nkhope yakutsogolo ingafune kuti muipangenso ndi chigamba chimodzi chachikulu cha NURBS chokhala ndi timadontho tochepa. Kwa nyale yomwe izikhala pakhonde, kukhitchini ndi m'manja mwa ana, ine ndingasankhe lokhakhala, poti limabisanso mikwingwirima.

Kusamutsako kumayenda motere. Mu Blender musatumize khungu losalala, tumizani ukonde weniweniwo wa tizigawo 200. Sungani ngati OBJ mutachotsa chizindikiro pa Apply Modifiers, koma ngati munagwiritsa ntchito Mirror, imeneyo ikhazikitseni kaye kuti thupi lituluke lonse. OBJ siinyamula mlingo wa kuthwa komwe munaika ndi `Shift+E`, ndiye m'mphepete momwe munathwetsa mudzafunika kuthwetsanso mukafika uko. Mukatsegula mu Rhino 7 kapena 8, poti SubD inalowa mu Rhino ndi mtundu wa 7 mu 2020, choyamba yezani kutalika kwa nyale. OBJ siinena ngati manambala ake ndi mamita kapena mamilimita, ndipo nyale ya mamilimita 120 imatha kufika ili kachinthu kosaoneka kapena chimphona. Kenako malamulo ake ndi awa, motsatana:

```
ToSubD
Zebra
DraftAngleAnalysis
ToNURBS
ShowEdges
```

`ToSubD` imasandutsa ukondewo kukhala SubD ya Rhino, ndipo batani la `Tab` limakusinthirani pakati pa ukonde ndi khungu losalala. Malamulo awiri otsatirawo ndi mayeso, ndipo muwachite thupi likadali SubD, pomwe kukonza n'kosavuta. `ToNURBS` ndiye mlatho. Kagawo kalikonse kamasanduka chigamba, ndipo Rhino imatha kuphatikiza tizigawo toyandikana kuti zigamba zichepe. Apa mpamene ukonde wochepa umalipira: tizigawo 200 timapereka zigamba zosaposa 200, pomwe ukonde wa tizigawo 3,000 umapereka chinthu chomwe fileti iliyonse, ndiko kufewetsa m'mphepete ndi rediyasi, idzakanirira. Mu Fusion njira yake ndi yofanana. Mumalowetsa OBJ ya ngodya zinayi zokhazokha, kuisandutsa T-spline mu Form, ndipo mukadina Finish Form imakhala thupi lolimba. Ikakana, kawirikawiri ndiye kuti khungu ladzipyoza lokha penapake, ndipo imakuonetsani malowo.

Mlathowu ndi wolowera mbali imodzi. Mukayamba kudula mabowo pa NURBS, simungabwererenso kukakankha timadontho ta SubD n'kuyembekeza kuti mu Rhino mabowowo atsatira. Choncho sungani SubD yoyambayo pa leya yakeyake, komanso mizere ndi masilinda onse odulira pa leya ina. Mukadzasintha maonekedwe, mumangobwereza kudula ndi zida zomwe zilipo kale. Ndipo musawoloke msanga. Sindikizani khungu lokha, anthu aligwire, amayi akuyeseni ngati chogwirira chikukwana atanyamula china m'dzanja lomwelo, mukhutire, kenako muwoloke.

Mayeso a `DraftAngleAnalysis` ndi omwe anthu ochokera ku Blender sanawazolowere, chifukwa pulinta ya 3D siwafuna. Chikombole chimatseguka molunjika mbali imodzi, ndipo khoma lililonse loyenda mbali imeneyo liyenera kupendekeka pang'ono kuti chinthu chituluke osakhulika. N'chifukwa chake ndowa ndi makapu apulasitiki amakula kukamwa n'kuchepa pansi. Digiri imodzi kapena ziwiri ndiye zozolowereka, ndipo khungu lokhakhala limafuna zoposerapo, osema adzakuuzani zingati. Pa nyale yanu, gawani thupi pawiri, chakutsogolo ndi chakumbuyo, ndipo bowo la chogwirira liyang'ane kutsogolo ngati galasi. Mukatero zonse ziwiri zimatuluka ndi kutseguka kumodzi. Bowo la chaja likakhala m'mbali limakola chikombole ndipo limafuna kachitsulo koyenda kapadera komwe kamakweza mtengo, ndiye liikeni kumbuyo kapena pamzere wolekanirana penipeni.

Thupi la SubD lili ndi khalidwe lake pamenepa. Poti ndi lobulungira, likamayandikira mzere wolekanirana khoma limaimirira pang'onopang'ono mpaka kufika madigiri 0, ndipo mayeso adzakuonetsani lamba wa mtundu wina kuzungulira nyale yonse. Tinene kuti nyale ndi yokhuthala mamilimita 50, chidutswa chilichonse 25. Khoma lowongoka lakuya 25 pa digiri 1.5 liyenera kutuluka ndi mamilimita 0.65 pofika kukamwa. Njira yake ndi kukhala ndi mzere wa ukonde woyenda ndendende pomwe zidutswa zilekanirane, kuuthwetsa ndi `Crease`, n'kuukankhira kunja pang'ono mpaka lamba uja atatha. Pamatsala kangodya kakang'ono kwambiri, koma kali pomwe pakhale msoko wa zidutswa kale, ndiye palibe adzakaone. Mukayesa kukonza zimenezi mutawoloka kale, mudzalimbana ndi zigamba makumi angapo chimodzichimodzi.

Chotsatira ndi khoma, ndipo apa mpamene ntchito zambiri zochokera ku SubD zimagwera. Pa pulasitiki ya ABS khoma la mamilimita 2 mpaka 3 ndi lozolowereka, tinene 2.5, ndipo liyenera kukhala lofanana paliponse, chifukwa pokhuthala pamazizira mochedwa n'kulowa mkati. Mudzalemba `OffsetSrf` kapena `Shell` kuti mupeze khungu lamkati, ndipo mwina idzakana kapena kutulutsa zopindikapindika m'makona. Chifukwa chake ndi cha masamu osavuta. Ngati kona yakunja ili ndi rediyasi ya mamilimita 2, n'kulowa mkati ndi 2.5, khungu lamkati lilibe kopita, limadzipyoza lokha. Anthu a Blender timakonda kuthwetsa m'mphepete poika mizere iwiri moyandikana kwambiri, ndipo zimenezi zimabala rediyasi yochepera milimita imodzi, yosinthasintha m'njira monse. Pa chithunzi zimakongola, pa khoma zimapha. Lamulo la amisiri a pulasitiki ndi lakuti rediyasi yamkati ikhale theka la khoma kapena kuposa, ndiye yakunja ikhale khoma limodzi ndi theka. Pa 2.5 ndi 3.75, tingoti 4. Yezani ndi `CurvatureAnalysis` pa rediyasi yochepetsetsa, muone malo onse otsika kuposa 4, muwafewetse mukadali mu SubD.

Ngati pali m'mphepete momwe mukufunadi kuti muoneke mwakuthwa, musakakamize ukonde. Thwetsani kotheratu ndi `Crease`, muwoloke, mupange khungu lamkati, kenako muike `FilletEdge` ya rediyasi yodziwika kunja ndi ina mkati. Ndipo khungu lamkati likakanirirabe kunsi kwa chogwirira, kumbukirani kuti palibe adzalione. Mutha kukopera SubD ija, kuifinya mkati, n'kuyeza ndi `ThicknessAnalysis` mpaka khoma likhale pafupi ndi 2.5 paliponse. Kusiyana kwa 0.2 apa ndi apo osema ambiri amakulandira, koma malo okhuthala mamilimita 5 pamapazi a chogwirira adzaonekera kunja ngati chibowo chosaya.

Zamkati zonse ndi NURBS basi, ndipo sizifuna luso lalikulu. Batire la 18650 ndi la mamilimita 18 m'mimba ndi 65 m'litali, koma yezani lanu lenileni ndi kalipa, chifukwa okhala ndi kabodi koteteza amatalikirapo. Nthiti zogwira batire ndi timizati ta masikuluwu tikhale tochepa kuposa khoma, pafupifupi 60 peresenti, kutanthauza 1.5 pa khoma la 2.5, apo ayi kunja kudzaoneka mithunzi ya nthiti iliyonse. Zonsezi ndi mizere yowongoka, masilinda ndi kupendekeka kwa digiri imodzi. Wophunzira NURBS chifukwa cha izi zokha safuna miyezi. Kufota kwa pulasitiki musakuwerengere nokha m'fayilo. ABS imafota pafupifupi theka la peresenti, PP imaposa peresenti imodzi, koma osema ndiwo amakulitsa chikombole malinga ndi pulasitiki yomwe agwiritse ntchito. Inu tumizani muyezo weniweni wa chinthu chomalizidwa ndipo muwauze choncho.

Pali zinthu zomwe ndikanakuuzani kuti muyambe ndi NURBS osayang'ananso SubD. Nyale yanu ikanakhala yozungulira ngati kapu kapena botolo, mzere umodzi ndi `Revolve` zikanakupatsani thupi langwiro m'kanthawi kochepa, lopanda nyenyezi, ndipo SubD ikanangokubwezani m'mbuyo. Chimodzimodzi chinthu chonga pawa banki, cha nkhope zazikulu zopindika pang'ono ndi makona a rediyasi yodziwika. Mphete yogwira galasi pa nyale yanu yomweyi ili m'gulu limeneli, ipangeni ndi `Revolve` ngati chidutswa chachitatu. Ndimayesa motere: ngati ndingathe kufotokoza chinthucho pa pepala ndi miyezo ndi marediyasi, wina n'kuchipanga osachiona, ndi cha NURBS. Ngati kuti ndichifotokoze ndiyenera kuchiumba ndi dongo kapena kuchisema, ndi cha SubD. Thupi lanu ndi chogwirira chake lili m'gulu lachiwiri, zamkati mwake zili m'gulu loyamba.

Za mapulogalamu, ndikudziwa kuti kulipira layisensi ya madola kuchokera kuno si nkhani yaing'ono. Rhino ili ndi nthawi yoyesera ya masiku 90 ikugwira ntchito yonse, ndipo ngati ukonde mwaukonzeratu mu Blender, nthawi imeneyo ndi yokwanira kumaliza nyaleyi. Mukaigula imakhala yanu, simulipira chaka ndi chaka. Fusion imasunga mbiri ya masitepe, moti mukasintha Form mabowo ndi nthiti zimayesa kutsatira zokha, chinthu chothandiza kwambiri, koma imadalira intaneti kwambiri, ndipo layisensi yake yaulere ili ndi malire pa ntchito yamalonda, muwerenge bwino musanadalire. FreeCAD ndi yaulere ndipo imatulutsa STEP yabwino. Siingakusandutsireni SubD, koma wina atakuwolotserani khungu n'kukupatsani STEP, nthiti, timizati ndi mabowo mutha kumalizira momwemo.

Ndingowonjezapo za zoyesera zanu. Ngati mukusindikiza ndi PLA, musaiweruze nyaleyo mutaisiya padenga lamalata mwezi wa Okutobala kuti ichaje. PLA imayamba kufewa cha m'ma madigiri 55 mpaka 60, ndipo galasi likagwa mudzaganiza kuti muyezo ndi wolakwika pomwe ndi pulasitiki yapotoka. Zoyesera padzuwa sindikizani ndi PETG kapena ABS.

Musanatumize, thamangitsani `ShowEdges` posankha Naked edges, ndipo nambala ikhale 0 pa chidutswa chilichonse. Rhino iyenera kunena kuti chinthucho ndi closed polysurface. Ikapeza m'mphepete mosalumikizika, musakweze tolerensi, mlingo wa mpata womwe Rhino imalola, kuti mubise mpatawo, siyani pa 0.001 kapena 0.01 monga munayambira, mupeze chigamba cholakwika n'kuchidulanso. Mukasunga STEP, itsegulenso mu pulogalamu ina, FreeCAD ikwanira, muone ngati ikubwera ngati thupi lolimba komanso ngati kutalika kukadali 120. Pamodzi ndi STEP tumizani pepala limodzi la PDF losonyeza miyezo yochepa yomwe singasinthe, monga 60.2 ya pokhala galasi, mtunda wa pakati pa masikuluwu ndi bowo la chaja, mutchulenso mtundu wa pulasitiki, khungu lomwe mukufuna ndi mbali yotsegukira chikombole. Apempheni akutumizireni lipoti lawo la DFM asanayambe kusema chitsulo, chifukwa mmenemo ndi momwe adzasonyeze khoma lomwe kupendekeka kwachepa ndi malo omwe pulasitiki yakhuthala, ndipo zambiri mwa zimenezo mudzazikonzera pa SubD yomwe munasunga ija.